Kusankha filimu yoti mwana wamng'ono aonere: mmene mungawerengere zizindikiro za msinkhu

Filimu ikamayamba pa dikoda, pakona ya sikirini pamaoneka kachilembo kapena kanambala: PG, 13, 16V. Pa foni napo chimodzimodzi, mumaona 7+ kapena TV-Y. Makolo ambiri akaona G kapena U mtima umakhala m'malo, amapereka rimoti kwa mwana n'kupita kukaona ndiwo pamoto. Vuto ndi lakuti anthu amene anaika chilembocho anaonera filimuyo n'kuwerengera ndewu, kutukwana, maliseche ndi zoopsa zimene zilimo, koma mwana wanu sanamuonepo. Chilembocho chimakuuzani zimene mulibe m'filimumo. Sichikuuzani kuti filimuyo inapangidwira mwana wa zaka zinayi, kapena kuti adzagona tulo akaionera. Chili ngati nambala ya nsapato pa kaunjika: imakuthandizani kusiya zimene zili zazikulu kwambiri, koma phazi la mwana liyenera kulowamo ndithu musanalipire.

Malangizowa ndi a makolo ndi onse olera ana a zaka zitatu mpaka zisanu ndi zitatu. Za ana ochepera pamenepo nkhani yake ndi yaifupi. Malangizo amene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2019 amati mwana wosakwana zaka ziwiri asamakhazikidwe pa kanema, ndipo wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi pa tsiku.

Choyamba: dziwani dziko limene laika chizindikirocho

Mafilimu amene timaonera kwathu kuno amabwera ndi zizindikiro za mayiko osiyanasiyana, ndipo zilembo zofanana sizitanthauza chinthu chimodzi ndendende. Ku Malawi kuli lamulo la 1968 limene linakhazikitsa bungwe lounika mafilimu, koma zilembo zimene mumaona pa dikoda ndi pa foni kawirikawiri zimakhala za ku America, ku Britain kapena ku South Africa.

Ku America mafilimu a ku sinema amapatsidwa G, PG, PG-13, R kapena NC-17. G ndi ya anthu onse. PG imatanthauza kuti muli zina zimene kholo liyenera kuyamba laziona. PG-13 ndi chenjezo lamphamvu kuti zina sizoyenera mwana wosakwana zaka 13, ndipo pano ndi pamene ambiri amapusitsika, chifukwa amaona zilembo ziwiri zoyambazo n'kuganiza kuti ndi PG yomwe ija. Mafilimu ambiri a ngwazi zouluka ndi zomenyana, amene zithunzi zake zili pa zikwama za sukulu ndi pa malaya a ana, ndi a PG-13. Chikwamacho anasokera mwana wa ku mkaka, koma filimuyo ayi.

Mapulogalamu a pa wailesi ya kanema ku America ali ndi zizindikiro zawozawo, ndipo kwa ana aang'ono izi ndizo zothandiza kwambiri. TV-Y ndi pulogalamu yopangidwira ana aang'ono enieni. TV-Y7 ndi ya ana oyambira zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo mukaona FV patsogolo pake ndiye kuti muli ndewu zongopeka, monga za zilombo ndi maloboti. TV-G ndi ya aliyense, koma sinapangidwire ana. Kusiyana kwa TV-Y ndi TV-G mukusunge bwino: yoyamba ikunena kuti anaganizira mwana poipanga, yachiwiri ikungonena kuti mulibe choipa choonekera. TV-PG, TV-14 ndi TV-MA zisiyeni pamsinkhu uwu.

Ku Britain kuli U, PG, 12A kapena 12, 15 ndi 18. Bungwe lawo lounika mafilimu la BBFC limanena poyera kuti filimu ya U ndi yoyenera ana oyambira zaka zinayi, ndipo ya PG siyenera kusokoneza mwana wa zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu kupita m'tsogolo. Ndiye ngati wanu ali ndi zaka zisanu, PG ya ku Britain sinamulonjeze chilichonse.

Ku South Africa bungwe lounika mafilimu la FPB limagwiritsa ntchito A ya anthu onse, PG, 7-9PG, 10-12PG, 13, 16 ndi 18. Chizindikiro cha 7-9PG chimasokoneza anthu. Sichikutanthauza kuti filimuyo ndi ya ana a zaka zimenezo. Chikunena kuti wosakwana zaka 7 asaonere n'komwe, ndipo wa zaka 7 mpaka 9 aonere pokhapokha wamkulu ali pambali pake.

Chachiwiri: werengani zilembo zotsatira nambala

Nambala imanena msinkhu, zilembo zimanena chifukwa. Pa zizindikiro za ku South Africa, zimene zimafanana ndi zooneka pa DStv ndi GOtv, V ndi ndewu ndi kuvulazana, L ndi kutukwana, S ndi zogonana, N ndi maliseche. FPB imaonjezerapo H ya zoopsa, D ya mowa ndi mankhwala osokoneza bongo, P ya tsankho, ndi SV ya kugwirira. Samalani ndi D, chifukwa pa mapulogalamu a ku America chilembo chomwecho chimatanthauza macheza okhudza zogonana.

Akuluakulufe maso athu amathamangira pa S ndi N, chifukwa ndi zimene zimatichititsa manyazi tikakhala pa balaza ndi ana. N'zoonadi siziyenera ana. Koma zimene zimamulepheretsa tulo mwana wa zaka zinayi kawirikawiri ndi V ndi H, ndiponso zinthu zina zimene zilibe chilembo n'komwe, monga imfa ya mayi kapena mwana wotayika m'thengo. Nthabwala yolaula yobisika imamudutsa pamwamba osaimva. Nkhope yoopsa yodzaza sikirini yonse amaimva bwinobwino.

Chachitatu: yang'anani chaka chimene filimuyo inatuluka

Ku America chizindikiro cha PG-13 chinayamba mu 1984. Chisanabwere, filimu iliyonse imene inapitirira G koma sinafike pa R, chizindikiro cha mafilimu a akulu, inkalowa mu PG, ngakhale ikhale yoopsa. Chitsanzo ndi Jaws ya 1975, ya chinsomba chodya anthu: ili ndi PG mpaka lero. Choncho PG ya filimu yakale muitenge ngati yolemera kuposa PG ya masiku ano. Pa mafilimu a magawo ambiri, amene timati masizoni, vuto limakhala lina: nkhani imayamba mofatsa, koma ochita sewero akamakula, magawo a m'tsogolo amalemera. Chilolezo chimene munapereka pa sizoni yoyamba musachitenge ngati cha sizoni yachinayi.

Chachinayi: ganizirani zimene zimaopsa mwana wa msinkhu wake

Apa ndi pamene pagona ntchito yeniyeni, ndipo palibe bungwe lingakugwirireni. Mwana wosakwana zaka zisanu ndi ziwiri amaopa zimene maso ake akuona, osati tanthauzo lake. Chilombo chamano akuluakulu chimamuopsa ngakhale m'nkhaniyo chikhale chachifundo. Munthu akasandulika chinthu china mwana akuona, nkhope n'kutupa, maso n'kufiira, mantha ake amakhala aakulu, chifukwa mwanayo samvetsa kuti ndi munthu yemwe uja. N'chifukwa chake mafilimu a zaufiti ndi kusanduka, amene akulu timawakonda madzulo, ndi oipitsitsa kwa mwana wa msinkhu uwu, makamaka kwathu kuno kumene amamvanso akulu akukamba za ufiti monga chinthu chenicheni. Kumuuza kuti n'zongopeka sikuthandiza kwenikweni, poti malire a zoona ndi zopeka sanakhazikike m'mutu mwake. Nyimbo yoopsa, mdima ndi phokoso ladzidzidzi zimaonjezera.

Mwana akamafika zaka zisanu ndi zitatu zinthu zimatembenuka. Chilombo chojambula amachiseka, koma amayamba kuopa zimene zingachitikedi: akuba kuthyola nyumba, moto, madzi osefukira, kubedwa kwa ana, makolo kulekana. Filimu yopanda chilombo chilichonse ikhoza kumusowetsa mtendere kuposa katuni ya mizukwa, ndipo nkhani za madzulo zoonetsa ngozi ya basi zimachita chimodzimodzi.

Kenako dzifunseni zimene mwanayo wadutsamo posachedwapa. Kodi pakhomo panagwa maliro? Kodi bambo ake ali ku Joni ndipo amawafunsa usiku uliwonse? Kodi analumidwapo ndi galu, kapena nyumba yanu inagwapo ndi mvula? Filimu yokhudza bala limenelo ndi yolemera kwa iye ngakhale ikhale ya G.

Utali nawo uwerengereni. Mwana wa zaka zitatu kapena zinayi amatsatira bwino kagawo ka mphindi zisanu ndi ziwiri mpaka khumi ndi zisanu, ka nkhani imodzi, ka anthu ochepa olankhula modekha. Filimu ya ola ndi theka imamusiyira zidutswa zokha, ndipo zidutswa zimene amasunga ndi zija zoopsa. Mapeto abwino amene amatonthoza wamkulu, iye sawalumikiza ndi zimene anaona poyamba paja, mwinanso pofika kumapetoko amakhala atagona kale.

Chachisanu: fufuzani filimuyo musanaiyatse

Sizitenga nthawi. Lembani dzina la filimuyo pa intaneti pamodzi ndi mawu akuti parents guide. Pa webusayiti ya mafilimu ya IMDb mupeza tsamba logawidwa m'mitu, ndipo mutu wofunika kwambiri kwa inu ndi Frightening & Intense Scenes, umene umafotokoza malo oopsa limodzi ndi limodzi. Amalemba ndi oonera wamba, choncho werengani zimene afotokoza zikuchitika, osangodalira mawu oti Mild kapena Severe. Tsamba la BBFC limafotokoza chifukwa chimene anaperekera chizindikiro chilichonse, ndipo la Common Sense Media limapereka msinkhu umene iwo akuganiza kuti ndi woyenera, womwe nthawi zambiri umakhala wolunjika kuposa chilembo. Ngati bandulo palibe, yatsani filimuyo nokha ana atagona, muithamangitse ndi rimoti, ndipo muime pa malo atatu: mphindi khumi zoyambirira, pamene woipa wa m'nkhaniyo akuonekera koyamba, ndi ndewu yomaliza. Kavidiyo kotsatsa filimu musakadalire, amasankhamo zoseketsa.

Tiyeni titsate njirayi ndi filimu imodzi yodziwika, The Lion King, pakhomo pamene pali mtsikana wa zaka zinayi ndi mchimwene wake wa zaka zisanu ndi zinayi.

Poyamba mudziwe kuti zilipo ziwiri. Ya makatuni ya 1994 ili ndi G ku America ndi U ku Britain. Ya 2019, imene nyama zake zimaoneka ngati zenizeni, ili ndi PG konsekonse, ngakhale nkhani yake ndi yomweyo. Chinakweza chizindikiro ndi maonekedwe: afisi ndi mikango yomenyana ikaoneka ngati yamoyo, kuopsa kumakula. Kwa wa zaka zinayi ya 2019 yagwa pomwepo, komanso ndi yaitali pafupifupi maola awiri.

Yatsala ya 1994, imene pa chizindikiro yadutsa, poti U imayambira zaka zinayi. Tsopano onani za m'kati. Ana awiri a mikango akuthamangitsidwa ndi afisi pamalo a mdima odzaza mafupa a njovu. Filimu isanafike pakati, gulu la nyumbu likuthamanga m'chigwa, ndipo mfumu Mufasa akugwetsedwa dala ndi m'bale wake Scar. Mwana wake Simba akupeza mtembo wa bambo ake, akuwagwedeza kuti adzuke, akuitana thandizo koma palibe woyankha. Kenako Scar akumuuza kuti iye ndi amene waphetsa bambo ake, athawe ndipo asadzabwerenso. Mulibe magazi, mulibe kutukwana, n'chifukwa chake chizindikiro chili chotsika. Koma mwa zonse zimene mwana wa zaka zinayi amaopa, kutaya kholo n'kutsala yekha ndiye chachikulu, ndipo pa msinkhu umenewu ana amafulumira kukhulupirira kuti zoipa zimachitika chifukwa cha kulakwa kwawo. Wamkulu amadziwa kuti Scar akunama. Mtsikanayo sangadziwe pokhapokha wina amuuze.

Chigamulo changa pakhomo limeneli chingakhale chotere. Mnyamata wa zaka zisanu ndi zinayi aonere, palibe vuto. Mtsikanayo adikire chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo ngati pakhomopo panagwa maliro posachedwa, adikire ndithu. Ngati mwasankha kuti aonere, muonere naye masana, mumuuziretu kuti pali malo achisoni pamene bambo a Simba amwalira koma Simba adzapeza anzake omusamala, ndipo Scar akamalankhula muimitse filimuyo n'kunena momveka kuti akunama, mwanayo sanalakwe.

Taonaninso chimene chatuluka apa: pakhomo pa ana a misinkhu yosiyana, filimu yoonera pamodzi isankhidwe poyang'ana wamng'ono. Wamkulu adandaula, ndipo dandaulo lake n'lomveka. Mupatseni nthawi yake, mng'ono wake atagona kapena atapita ndi amayi kumsika. Mukapanda kutero, rimoti imakhala m'manja mwa wamkulu ndipo wamng'ono amaonera chilichonse chimene mkulu wake wasankha.

Chachisanu ndi chimodzi: zopanda chizindikiro muzitenge ngati za akulu

M'makomo ambiri mafilimu sabwera ndi dikoda. Amabwera pa fulashi kapena pa memore khadi yodzazidwa pamsika, ndipo dzina lokha la fayilo ndi limene limaoneka. Foda yolembedwa kuti makatuni isakupusitseni. Katuni ndi kajambulidwe chabe, si msinkhu. Alipo makatuni a akulu okhaokha, odzaza zolaula ndi magazi, ndipo ambiri mwa makatuni a ku Japan ndi a achinyamata ndi akuluakulu. Wodzaza fulashi amakopera mafayilo ambirimbiri osawaonera. Fayilo iliyonse muitsegule nokha, muchotse zimene simukuzifuna, ndipo ana akhale ndi fulashi yawo yosiyana ndi ya akulu.

Mafilimu omasuliridwa m'Chichewa ndi ma DJ ali ndi lawonso. Womasulira amaonjezera nthabwala zake, zina za akulu, zimene m'filimu yeniyeni munalibe. Ndiye chizindikiro cha filimu yoyambirira sichikugwiranso ntchito, ndipo popeza ndi chinenero chake, mwana amamva liwu lililonse n'kukalibwereza kusukulu. Mvetserani pang'ono musanamupatse. Kumavidiyo sho nako palibe amene amafunsa zaka pakhomo, ndipo mwana wa msinkhu uwu si wopita kumeneko.

Mavidiyo ambiri a pa YouTube alibe chizindikiro cha msinkhu. Ena amatenga zidole zodziwika za m'makatuni n'kuzichititsa zachiwawa kapena zonyansa, pamene chithunzi chakunja chikuoneka bwinobwino. Ndipo vidiyo imodzi ikatha ina imayamba yokha, moti chimene munasankha inu ndi choyamba chokhacho.

Chachisanu ndi chiwiri: tsekani makinawo

Pa dikoda lowani pa Parental Control, sankhani msinkhu wotsikitsitsa, ndipo musinthe PIN. Yobwera nayo pa DStv ndi GOtv nthawi zambiri imakhala 1234, ndipo mwana wa sitandade 2 amaidziwa kale. Matchanelo ena mukhoza kuwatsekeratu. Pa Netflix mupangireni mwana profile yakeyake ya Kids, muike malire a msinkhu, muzimitse Autoplay, imene imayambitsa yokha gawo lotsatira, ndipo profile yanu muikhome ndi Profile Lock, apo ayi angodina chithunzi chanu n'kulowa. Kumene YouTube Kids imapezeka, ili ndi magulu a Preschool a zaka zinayi kutsika, Younger a zaka 5 mpaka 8, ndi Older a 9 mpaka 12, koma kwa wamng'ono njira yodalirika ndi Approve content yourself, imene imaonetsa zokhazo zimene inu mwavomereza. Njira ina yosavuta, yopulumutsanso bandulo, ndi kutsitsa magawo angapo amene mwawaonera kale, kenako n'kuzimitsa data musanapereke foni. Ana aang'ono satopa kubwereza gawo lomwelo, ndipo kubwerezako kumawathandiza kumvetsa.

Zimene mwagamula muwauzenso agogo, azakhali ndi wantchito, chifukwa masana ndi iwo amakhala ndi ana. Kungoti asamaonere zoipa sikokwanira. Tchulani tchanelo, aonetseni fulashi ya ana, ndipo munene nthawi yozimitsa.

Chachisanu ndi chitatu: ulendo woyamba khalani pambali pake, muyang'ane nkhope yake

Chinthu chatsopano chilichonse muonere naye koyamba, masana, osati atatsala pang'ono kugona. Maso anu akhale pa mwanayo kuposa pa sikirini. Mwana amene filimu yamukulira amatseka makutu, amabisala kuseri kwa mpando, amakukakamirani, amafunsa mobwerezabwereza ngati uja afa, kapena amangoti zii, thupi gwa, maso osaphethira. Uyu wachete ndi amene timamuphonya, chifukwa amaoneka ngati akusangalala. Zina zimaoneka pambuyo pake: kukana kupita kuchimbudzi yekha usiku, kudzuka akulira, kuyambiranso kukodza pamphasa atasiya kale, kumenya anzake motsanzira zimene anaona.

Mukaona zimenezi imitsani filimuyo, mumunyamule, mumufunse chimene chamuopsa ndipo mumulole afotokoze m'mawu ake. Musamuseke, ndipo akulu ake asamunene kuti ndi wamantha, chifukwa ulendo wina adzabisa. Wosakwana zaka zisanu ndi ziwiri amatonthozedwa ndi manja anu, nyali yoyaka ndi kusintha zochita, osati ndi kufotokoza kwakutali. Wokulirapo amathandizidwa ndi zoona zake: kuti awa ndi anthu ochita sewero, magaziwo ndi utoto, chitseko cha nyumba yanu chimakhomedwa usiku. Nthawi zina zimathandiza kumuonetsa mapeto okha, aone kuti amene ankamudera nkhawa uja wapulumuka. Filimuyo muichotse pa fulashi yake kwa miyezi ingapo. Ngati mantha ndi kusagona zapitirira milungu ingapo, kapena zikumulepheretsa kupita kusukulu, pitani naye kuchipatala mukafotokoze, chifukwa mwina pali china chikumusautsa chimene filimuyo yangochiutsa.